Onse akuti juwisi wanga ndi wokoma: ndilembe pulani yokatengera ngongole?

"Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chitakale kuno ku Mulanje. Nyengo ya zinanazi ikafika mtima umandipweteka kuona zikuwolera m'mbali mwa msewu. Ndimadziwa kupanga juwisi, ndipo aliyense amene ndam'patsa, abale, a kumpingo ndi anzanga a ku banki mkhonde, akuti ndi wokoma ndipo azidzagula. Ndikufuna kulemba pulani ya bizinesi yokapemphera ngongole ya K3 miliyoni, ndigule filiji, bulenda yaikulu, mabotolo ndi kulipira lendi ya kashopu. Koma ndikangofika pamzere wakuti ndidzagulitsa zingati pamwezi, cholembera chimaima. Ndilembepo chiyani?"

Mayi, musadandaule nacho cholembera chanucho, chikukuchitirani zabwino. Chikuima chifukwa nambala imeneyo simunaione ndi maso, ndipo simunafune kunama. Pa zaka zimene ndakhala ndikuthandiza amalonda ang'onoang'ono ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndawerenga mapulani ambiri amene eni ake sanaime pamzere umenewo. Amangolemba kuti mabotolo 100 patsiku, n'kuchulukitsa ndi masiku 30, pepala n'kuoneka bwino. Mavuto amadzayamba mwezi wachitatu, wangongole atafika pakhomo. Ndiye pulaniyo iikeni kaye pansi kwa milungu inayi. Milungu iwiri yoyamba mucheze ndi anthu, yotsatirayo mugulitse pang'ono. Mukatero mzerewo udzadzilemba wokha.

Ndiyambe ndi anthu amene akukuyamikiraniwo. Sakukunamizani, juwisi wanuyo angakhale wokomadi. Koma ife Amalawi tinaleredwa ndi ulemu. Munthu wakupatsa chakumwa chaulere m'nyumba mwake, wachipanga yekha, wakuyang'ana m'maso n'kufunsa kuti chili bwanji, ndani angayankhe kuti chawawasa? Ndipo mawu akuti "ndizidzagula" salipiritsa kanthu. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Pakadali pano makasitomala anu onse ali pachala.

Zimenezi ndinaziphunzira mochititsa manyazi. Ndili wachinyamata pantchitoyi, ndinathandiza gulu lina la amayi cha ku Bvumbwe limene linkafuna kupanga jamu wa tomato. Mafunso ndinalemba ndekha, ndipo funso lalikulu linali lakuti, "Kodi jamu wotere atapezeka pafupi, mungagule?" Pafupifupi onse anavomera. Amayi anasonkha ndalama, anagula shuga ndi mabotolo, anaphika. Mabotolo aja anakhala pashelefu mpaka mapepala ake anasuluka. Chifukwa chake chinali pamaso pathu pomwe: anthu amene tinawafunsawo tiyi wawo amamwera mbatata, chinangwa kapena nthochi, buledi amalowa m'nyumba mwa apo ndi apo. Jamu akanapaka pa chiyani? Ndikanangofunsa kuti, "M'mawa uno tiyi munamwera chiyani?" ndikanadziwa tsiku lomwelo, ndalama za amayi aja zisanatuluke pachitenje.

Chinsinsi cha kafunsidwe chagona pamenepo. Musafunse zimene munthu adzachite, funsani zimene anachita kale. Za mawa aliyense amalonjeza, za dzulo n'zovuta kuzikometsa. Mukakhala pansi ndi wakabaza pasiteji ya Chitakale dzuwa litatentha, musayambe n'kunena kuti muli ndi maganizo a bizinesi. Mufunseni kuti dzulo ludzu litam'gwira anamwa chiyani, anagula kwa ndani, anapereka zingati, ndipo sabata yathayi zimenezi anachita kangati. Akanena kuti thobwa, funsani chifukwa chake sanagule chakumwa cha m'botolo. Mwina adzakuuzani kuti thobwa imagwira m'mimba, imalowa m'malo mwa nkhomaliro. Yankho limenelo ndi lamtengo wapatali, chifukwa lakuuzani kuti munthuyu safuna chokoma, akufuna chokhutitsa, ndipo juwisi wanu sakupikisana ndi zakumwa za m'golosale ayi, akupikisana ndi chigubu cha thobwa.

Botolo lanu lisiyeni kunyumba pamacheza oyambawa. Likangoonekera, munthu amasiya kukuuzani za moyo wake n'kuyamba kukusangalatsani. Lankhulani pang'ono, mvetserani kwambiri, ndipo akakhala chete musafulumire kum'thandiza yankho. Mukasiyana, pitani pambali mulembe m'kope mawu ake enieni nthawi yomweyo. Mukadikira madzulo mudzakumbukira zokhazo zimene zakukomerani.

Anthu angati? Sindikutumani kalembera wa boma lonse. Anthu 15 mpaka 20 amakwana, bola asakhale abale, a kumpingo kwanu kapena aliyense amene angachite manyazi kukukhumudwitsani. Asakhalenso a mtundu umodzi. Pezani apaulendo amene akudikira minibasi yopita ku Limbe kapena ku Muloza, pezani ogwira ntchito m'maofesi a paboma, makolo amene amagulira ana chonyamula kusukulu, komanso eni malo odyera ndi magolosale. Mudzadziwa kuti mwafunsa mokwanira mukayamba kumva mayankho omwewo mobwerezabwereza, mpaka kumatha kulota zimene munthu anene asanatsegule pakamwa.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna mukachifufuze mwadala, chifukwa ndikuchikayikira. Chimene chakupatsani maganizowa ndi kuchuluka kwa zinanazi ku Mulanje. Koma kuchuluka komweko kungakhale mdani wanu. Munthu wa ku Chitakale amene angagule chinanazi chathunthu, kapena chidutswa chosendasenda, pamtengo wotsika pamsewu pomwepo, adzalipiriranji zambiri kuti amwe chomwecho m'botolo? N'kutheka kuti kasitomala wanu weniweni sali kwanuko. Angakhale wapaulendo amene alibe mpeni m'minibasi, angakhale loji ya ku Likhubula imene imalandira alendo okwera phiri, angakhale munthu wa ku Limbe amene chinanazi amachiona ngati chapatali. Kuwola kwa zinanazi ndi vuto la mlimi, ndipo ndi vuto lenileni. Koma amene adzakupatseni ndalama ndi womwa, choncho muyenera kupeza vuto la womwayo.

Eni malo odyera ndi magolosale muwapatse nthawi yokwanira, chifukwa mmodzi wa iwo amaona makasitomala ambiri kuposa amene inu mungawafunse mwezi wonse. Pitani nthawi yopanda anthu, osati ya nkhomaliro. Funsani kuti zakumwa zimene zimatha msanga ndi ziti, amaoda makireti angati pasabata, amalipira katundu akangofika kapena akagulitsa, ndipo zotsala amabweza kapena amaluza okha. Kenako funsani funso limene ndimalikonda kwambiri: kodi wina anabwerapo ndi juwisi wopanga yekha, ndipo zinatha bwanji? Kawirikawiri amakhala kuti analipo. Mudzamva kuti mabotolo ankafufuma magetsi akazima, kapena kuti mwini wake ankabwera sabata ino n'kusowa sabata ya mawa, kapena kuti makasitomala ankafunsa chizindikiro cha bungwe loona za miyezo ya katundu la MBS. Ngati mungathe, m'funefuneni munthu amene anasiyayo mukacheze naye. Amene analephera amaphunzitsa zambiri kuposa amene zikumuyendera, ndipo nthawi zambiri sabisa.

Pomaliza macheza ndi mwini malo, apa ndiye mungatchule juwisi wanu, koma mutchule ndi pempho limene lili ndi mtengo wake. "Lolemba ndikubweretsereni mabotolo 10 pa K800 limodzi, mulipire theka lero?" Onani zimene zichitike pankhope pake. "Tiona" ndi "mudzabwerenso" ndi kukana kwaulemu, lembani kuti wakana. Amene watulutsa ndalama, kapena wakupatsani malo mufiliji yake n'kutchula tsiku, ameneyo ndiye wavomera. Wokangana nanu pamtengo musakhumudwe naye. Munthu sanenerera chinthu chimene sakuchifuna.

Tsopano kugulitsa koyeserera. Cholinga chake si kupeza phindu, ndi kupeza manambala, ndiye musagule chilichonse chachikulu. Bulenda bwerekani kapena gwiritsani ntchito yomwe muli nayo, malo mufiliji lipirani kwa mnansi, ponyamula pezani bokosi losungiramo zozizira ndi madzi oundana. Sankhani malo awiri okha mwa amene macheza aja akulozerani, mwachitsanzo pasiteji ndi pamalo odyera amodzi, ndipo mugulitse masiku 12, kuyambira Lolemba mpaka Loweruka milungu iwiri. Mtengo ukhale weniweni kuyambira tsiku loyamba. Mukatsitsa kuti anthu alawe, mudzangophunzira kuti anthu amakonda zotchipa, zimene mukuzidziwa kale.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mitengo iyi ndi yongoyerekeza, inu mudzaikemo ya sabata imene mukuyamba. Tinene kuti mukupanga mabotolo 30 a mamililita 300, omwe ndi malita 9 patsiku. Zinanazi 12 pa K800 chimodzi ndi K9,600. Shuga K2,000. Mabotolo atsopano ndi zotsekera zake pa K150 limodzi ndi K4,500. Madzi oundana ndi kabaza K3,000, chiphaso cha pamsika K500. Zonse pamodzi K19,600. Mukamagulitsa pa K1,000, mabotolo 20 oyamba amangobweza zimene mwalowetsa. Mukagulitsa 24 mwatsala ndi K4,400, mukamaliza onse 30 mwatsala ndi K10,400, ndipo apa thukuta lanu simunaliwerengere. Mwaona kuti bizinesi yonse yakhala pa mabotolo 10 omalizirawo. Tsiku la mvula limodzi, kapena minibasi zikachepa, phindu la masiku awiri lapita, chifukwa juwisi wosawiritsa sadikira mawa ngati sopo.

Chinthu chimodzi musachitenge kwa ine kapena kwa wina aliyense: kuti chinanazi chimodzi chimatulutsa juwisi wochuluka bwanji. Zimasiyana ndi kukula kwake, kupsa kwake, kasefedwe kanu ndi madzi amene mumathiramo. Yezani ndi jagi ya manambala masiku atatu oyamba. Ambiri amadabwa kuona kuchuluka kwa zimene zimapita ku makoko, pamtima ndi m'sefa.

Musanagulitse botolo loyamba, tsegulani tsamba loyamba la kope mulembe malire anu, ndipo wina amene samakuopani awaone. Mwachitsanzo: sabata yachiwiri ndizigulitsa mabotolo osachepera 24 patsiku, kwa anthu osawadziwa, ndalama pamanja, ndipo anthu osachepera 10 akhale atabweranso kachiwiri okha osaitanidwa. Ndimaumirira kuti zilembedwe pasadakhale chifukwa mtima wa munthu ndi wochenjera. Mukagulitsa 14, mudzadziuza kuti kunali mitambo, kuti anthu sanalandire, kuti sanandizolowere. Zifukwa sizisowa. Zolemba zanu za tsiku loyamba ndi zokhazo zimene sizidzakunyengererani.

Sabata yoyamba musaikhulupirire kwambiri. Chatsopano chimakoka anthu, ndipo anzanu adzabwera kudzakulimbikitsani. Alandireni bwino, koma m'kope muwaike pamzere wawowawo. Angongole nawonso pamzere wawo, chifukwa botolo limene latuluka ndi mawu akuti "ndipereka pa malipiro" silinagulitsidwe mpaka ndalamayo itafika. Chimene mukusaka ndi nkhope yachilendo imene inagula Lachiwiri n'kubweranso Lachisanu. Kugula koyamba ndi chidwi, kwachiwiri ndiye umboni. Simufunika kudziwa dzina lake, lembani chabe kuti bambo wa chipewa chofiira uja wabweranso. Ndipo amene waima, wafunsa mtengo, n'kutembenuka, m'funseni mwaulemu chimene cham'bweza. Ena adzati mtengo, ena adzafunsa kuti madzi ake ndi a kuti, ena adzaloza botolo lopanda chizindikiro. Mayankho atatuwa ali ndi mankhwala osiyana, ndipo n'kulakwa kutsitsa mtengo pamene vuto ndi kukayikira ukhondo.

Madzulo alionse lembani zinthu zochepa zomwezi: mwapanga angati, mwagulitsa angati pamalo alionse, atsala angati, otsiriza anagulidwa nthawi yanji, ndi m'mene kunja kunachera. Onjezani ngati linali tsiku la msika kapena la malipiro a kumaesiteti a tiyi, chifukwa kwathu kuno ndalama zimayenda ndi masiku amenewo, ndipo milungu iwiri imene yagwera pa malipiro ingakupusitseni. Mukafuna kusintha chinthu pakati, sinthani chimodzi. Mukasintha mtengo, malo ndi kukula kwa botolo tsiku limodzi, malonda n'kukwera, simudzadziwa chimene chakweza.

Mabotolo otsala musawataye onse. Sungani awiri mufiliji ndi awiri pathebulo, mulembe tsiku ndi nthawi, muziwayang'ana. Juwisi wa chinanazi ali ndi shuga wambiri, ndipo pamalo otentha sachedwa kuyamba kusasa: pamwamba pamabwera thovu, botolo limalimba ngati lapopedwa, mukatsegula limapuma, fungo n'kukhala ngati la mowa. Zikatero musagulitse ndipo musapatse ana. Nthawi imene zimenezi zimatenga ndi nambala ina yofunika mu pulani yanu, chifukwa ndiyo idzanene ngati mungatumize katundu ku Limbe kapena muyenera kumaliza zonse tsiku lomwelo pa Chitakale. Madzi othiramo akhale owiritsa, ndipo mabotolo otola asayandikire n'komwe. Munthu mmodzi akatsegula m'mimba, mbiri imafika ku Limbuli inu musanafike kunyumba.

Pali malire a kuyesa kumeneku amene muyenera kuwadziwa. Milungu iwiri imakuuzani za nyengo imodzi yokha. Mukayesa cha mu Disembala kapena Januwale, zinanazi zili mbwee ndipo kukutentha, zonse zidzakukomerani. Koma bwererani ku masamu aja. Zinanazi zikasowa mtengo n'kufika K1,600 chimodzi, zolowa zanu patsiku zimakhala K29,200, ndipo ngakhale mutagulitsa mabotolo onse 30 mwatsala ndi K800 yokha. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chikakuta phiri, anthu amafuna tiyi wotentha, osati chozizira. Ngongole yokha ilibe nyengo. Choncho pamacheza anu muphatikizepo alimi ndi ogulitsa zinanazi awiri kapena atatu, akuuzeni mitengo ya mwezi ndi mwezi chaka chathachi, ndipo ngati n'kotheka mudzabwereze kuyesaku kwa sabata imodzi nyengo ikatembenuka.

Tibwere ku K3 miliyoni ija. Mukaibweza m'miyezi 12, ndi K250,000 pamwezi chiwongoladzanja chisanalowepo. M'chitsanzo chathu, mabotolo 24 patsiku kwa masiku 26 amakusiyirani K114,400 pamwezi, lendi ya shopu ndi magetsi tisanachotse. Ndiye kuti ngakhale kuyesa kutayenda bwino mpaka kufika pa malire amene munadziikira, ngongole ya kukula kumeneko ikadali yolemera kuposa msana wa bizinesiyo. Izi sizikutanthauza kuti maganizo anu afa. Zingatanthauze kuti shopu sikufunika, kuti filiji ya mnansi ikukwanirabe kwa miyezi ingapo, kuti chofunika n'kubwereka pang'ono ku banki mkhonde kugulira bulenda yolimba basi. Zingatanthauzenso kuti malo odyera atatu amene amatenga mabotolo 10 tsiku lililonse aposa kuima pasiteji tsiku lonse, ngakhale akugula motsika. Kapena mungapeze kuti anthu akukana juwisi koma akufunsa zidutswa zosendasenda zozizira m'kapepala kaukhondo, malonda amene safuna shuga kapena botolo. Zoterezi ndaziona kangapo: munthu amapita kumsika ndi maganizo ena, makasitomala n'kumulozera ena.

Ngati manambala atsika kwambiri, tinene mabotolo 10 kapena 12 patsiku sabata yachiwiri ndipo palibe wobweranso, musathamangire kuonjeza masiku poganiza kuti azolowera. Bwererani ku kope la macheza muone gulu limene linaonetsa chidwi chenicheni, muyesenso kamodzi kwa iwowo. Zikakanikanso, mwataya ndalama za zinanazi za masiku ochepa, nyumba ndi katundu wanu zili bwinobwino.

Pali pamene muyenera kufuna thandizo la ena. Musanayambe kugulitsa, ngakhale koyesereraku, pitani ku ofesi ya zamalonda ndi ya zaumoyo ku khonsolo ya Mulanje mukafunse zimene amafuna kwa wogulitsa zakudya ndi zakumwa. Mukaona kuti njira yanu ikulowera ku magolosale, maloji kapena ku Limbe, muyenera kukumana ndi bungwe loona za miyezo ya katundu la MBS, limene likulu lake lili ku Blantyre, ndipo mupite musanachite lendi malo kapena kusindikiza mapepala omata pabotolo, chifukwa amayang'ana malo opangira ndi zolembedwa pabotolo, ndipo kukonza pambuyo kumadula. Za kutenthetsa juwisi kuti azikhalitsa musaphunzire mongomva, pezani wodziwa za kakonzedwe ka zakudya akuonetseni ndi choyezera kutentha m'manja. Polemba pulani yeniyeniyo alangizi a bungwe la boma lothandiza mabizinesi ang'onoang'ono angakuthandizeni, ndipo pangano la ngongole lililonse, kaya la bungwe la boma lobwereketsa ndalama kaya la banki, wina wodziwa masamu alione nanu musanasaine, makamaka tsiku loyamba kubweza ndi chikole chimene akufuna.

Mukadzabwerera ku pepala lija, pamzere umene unakuimitsani simudzalemba "pafupifupi" kapena "ndikuyembekeza". Mudzalemba masiku amene munagulitsa, malo ake, mabotolo amene munapanga, amene anagulidwa ndi ndalama pamanja, amene anawonongeka, anthu amene anabweranso, ndi mwini malo odyera amene anaoda katatu. Mauthenga a Mpamba kapena Airtel Money a malipiro amenewo musafufute, ndipo kope lija mulinyamule popita kukakumana ndi wobwereketsa, ngakhale litadontheredwa juwisi.